Nyumba ya ukwati ilibe kanthu pa tchati changa: kodi ndiye kuti basi?

"Ndangoyamba kumene kuphunzira zopenda nyenyezi. Nditatulutsa tchati changa chobadwira ndapeza kuti nyumba 6 mwa nyumba 12 zilibe pulaneti ngakhale limodzi, kuphatikizapo ya 5 ndi ya 7, zimene ndamva kuti ndi za ana ndi ukwati. Pa ASC palembedwa Scorpio. Dzuwa, Mekyule ndi Marisi zili mu nyumba ya 10, Venusi mu ya 11, Jupita mu ya 9, Satuni mu ya 8, Puluto mu ya 2, ndipo Mwezi, Yuranasi ndi Nepichuni zili mu ya 4. Nyumbazi zimaimira chiyani kwenikweni? Kodi ndiye kuti sindidzakwatiwa kapena kubereka? Tulo sindikuliona."

Achemwali, gonani ndithu. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuwerengera anthu matchati, sindinaonepo ngakhale chimodzi chimene nyumba zake zonse zinali ndi pulaneti, ndipo sindidzachiona, chifukwa masamu ake sakulola. Zinthu zimene timaziika pa tchati n'zokwana 10: Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti 8. Nyumba zilipo 12. Ngakhale mutazigawa chimodzichimodzi, nyumba ziwiri zitsalabe zopanda kanthu. Komanso thambo siligawa mwachilungamo chotero. Mekyule satalikirana ndi Dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 28, Venusi sapitirira pafupifupi 47, choncho zitatuzi zimakonda kuunjikana malo amodzi kapena nyumba zoyandikana. Mukawerengera ngati kuti zinthu 10 zikungogwera paliponse mu nyumba 12, zopanda kanthu zimatuluka pafupifupi zisanu. Inu muli nazo 6. Muli pagulu la anthu ambiri zedi.

Taganiziraninso izi. Yuranasi anatulukiridwa mu 1781, Nepichuni mu 1846, Puluto mu 1930. Akale onse amene anakhazikitsa matanthauzo a nyumbazi ankagwira ntchito ndi zinthu 7 zokha, kutanthauza kuti munthu aliyense anali ndi nyumba zosachepera zisanu zopanda kanthu. Zikanakhala kuti nyumba yopanda pulaneti ndi chiweruzo chakuti chinthucho mulibe, akanakhala akuuza anthu oposa theka kuti sadzakwatira, oposa theka kuti alibe makolo, oposa theka kuti sadzagwira ntchito. Sankawerenga choncho.

Tiyambe ndi chimene nyumba ili, poti chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Zizindikiro 12 zija, zimene pa pulogalamu zalembedwa Aries, Taurus mpaka Pisces, ndi magawo a njira imene Dzuwa limaoneka kuti likuyendamo pa chaka. Nyumba ndi chinthu china. Zimachokera ku kuzungulira kwa dziko kwa tsiku ndi tsiku, ndipo zimagawa thambo monga linkaonekera pamalo pamene munabadwira, pa mphindi imene munabadwa. Mzere wopingasa pakati pa tchati ndi pomwe thambo limakumana ndi dziko. Kumanzere kwake, polembedwa ASC, ndi kum'mawa, pamene chizindikiro china chinkatuluka. Kumanja ndi kumadzulo. Pamwamba, polembedwa MC, ndi pamene zinthu zimafika zikakwera kotheratu. Nyumba yoyamba imayambira kum'mawa n'kutsika pansi, ndipo kuwerenga kumayenda mosemphana ndi mivi ya wotchi. Choncho nyumba 1 mpaka 6 zinali pansi pa dziko, zosaoneka, pamene 7 mpaka 12 zinali pamwamba pa mutu wanu. Pulaneti limanena chimene chikuchitika, chizindikiro chimanena kachitidwe kake, nyumba imanena mbali ya moyo imene zikuchitikira.

Nyumbazi musaziloweze ngati mndandanda wa mawu 12. Zimagwirika bwino mukaziona ziwiriziwiri, iliyonse ndi inzake yoyang'anizana nayo.

Zinayi ndi mizati ya tchati chonse. Yoyamba ndi inuyo: thupi lanu, maonekedwe, mphamvu za moyo, momwe mumafikira pa anthu. Moyang'anizana nayo, kumadzulo, kuli ya 7, ya munthu amene waima patsogolo panu maso ndi maso. Anthu amangoitchula ya ukwati, koma ndi yotakata kuposa pamenepo. Muli mwamuna kapena mkazi wanu, muli mnzanu wochita naye bizinesi, muli aliyense amene mwasainirana naye pangano, mulinso mdani wodziwika amene mukukokana naye pa mlandu. Oyamba kumene amadabwa kuti wokondedwa ndi wotsutsana naye akhala bwanji nyumba imodzi. Amene akhalitsa pa banja sadabwa. Pansi penipeni pali ya 4: makolo, kumene munachokera, nyumba yogonamo, malo, zobisika za m'banja, komanso mathero a zinthu. Pamwamba pake pali ya 10: ntchito imene mumadziwika nayo, mbiri yanu pagulu, udindo, ndi anthu amene ali ndi ulamuliro pa inu. Pa nkhani ya makolo openda nyenyezi amasiyana, ena amaika bambo mu ya 4 ndi mayi mu ya 10, ena amatembenuza. Ine ndimamvetsera kaye mbiri ya munthuyo ndisanasankhe.

Ya 2 ndi zanu: ndalama, katundu wonyamulika, chimene mumadyera. Ya 8 ndi za ena zimene zimakukhudzani: chuma cha amene mwakwatirana naye, ngongole, misonkho, chuma cha masiye, ndi imfa yomwe. Imaopsa dzina, koma nthawi zambiri ndikaiwerenga timathera pa nkhani ya ngongole. Ya 3 ndi abale obadwa nawo, anansi, maulendo afupiafupi, kulemba ndi kulankhula, sukulu ya ubwana. Ya 9 ndi zonsezo zitatalikitsidwa: maulendo akutali, maphunziro apamwamba, chipembedzo, malamulo, anthu a maiko ena.

Ya 5 Agiriki akale ankaitcha malo a mwayi wabwino. Muli ana, chibwenzi chisanafike pa pangano, masewera, luso, chilichonse chimene munthu amachita chifukwa chikumusangalatsa. Yoyang'anizana nayo, ya 11, ankaitcha malo a mzimu wabwino: abwenzi, magulu, anthu okuthandizani, zimene mukuyembekezera. Zotsala ziwirizo ankazipatsa mayina oipa, ya 6 mwayi woipa, ya 12 mzimu woipa. Ya 6 ndi matenda, ntchito yothyola msana ya tsiku ndi tsiku, antchito, ziweto zing'onozing'ono. Ya 12 ndi kudzipatula ndi kutsekeredwa, chipatala chogonera, ndende, adani osadziwika, ndi zimene munthu amadzipweteka nazo yekha. Openda nyenyezi amakono anazifewetsa, ya 6 amati ndi thanzi ndi dongosolo la tsiku, ya 12 amati ndi za mumtima zakuya. Zonse ziwiri pa tchati chanu n'zopanda kanthu, ndipo ndaona kuti m'kalata yanu simunadandaule nazo. Palibe amene anabwerapo kwa ine akulira kuti nyumba yake ya matenda ilibe pulaneti. Koma palibenso amene amakhulupirira kuti sadzadwala chifukwa cha zimenezo. Ngati ya 6 yopanda kanthu sikuchotsa chimfine, ya 7 yopanda kanthu ichotsa bwanji ukwati? Nyumba yanu yoyamba nayonso ilibe kanthu, chonsecho thupi muli nalo ndipo mwandilembera kalata.

Tsono timaiwerenga bwanji? Nyumba yopanda wokhalamo imakhalabe ndi mwini wake. Funso la woyamba kumene limakhala lakuti "muli ndani m'nyumbamu?" Funso loyenera ndi lakuti "mwini wake ndani, ndipo ali kuti?"

Pa khomo la nyumba iliyonse pamakhala chizindikiro, ndipo chizindikiro chilichonse chili ndi pulaneti lochilamulira. Malinga ndi dongosolo lakale, Dzuwa limalamulira Mkango, Mwezi umalamulira Nkhanu, ndipo asanu otsalawo ali ndi ziwiriziwiri: Mekyule ali ndi Mapasa ndi Namwali, Venusi ali ndi Ng'ombe ndi Sikelo, Marisi ali ndi Nkhosa ndi Chinkhanira, Jupita ali ndi Woponya Mivi ndi Nsomba, Satuni ali ndi Mbuzi ndi Wotunga Madzi. Amakono amapereka Chinkhanira kwa Puluto, Wotunga Madzi kwa Yuranasi, Nsomba kwa Nepichuni. Pa ntchito yofufuza mwini nyumba, ine ndimalangiza kuyamba ndi akale. Chifukwa chake n'chapafupi: mapulaneti atatu akutaliwo amakhala zaka zambiri mu chizindikiro chimodzi, Nepichuni pafupifupi zaka 14, moti anthu a msinkhu wanu onse ali nawo pamalo amodzi. Sakuuzani zambiri za inuyo panokha.

Tiyeni titenge nyumba yanu ya 7. Chotuluka kum'mawa ndi Chinkhanira, chija cholembedwa Scorpio, choncho kumadzulo kuli choyang'anizana nacho, Ng'ombe, chija cholembedwa Taurus. Ichi ndi choyamba kuwerenga, pulaneti tisanalifune n'komwe. Ng'ombe ndi chizindikiro cha nthaka, chosasunthasuntha. Mu chilankhulo cha nyenyezi, chimafotokoza munthu amene pa ubale amafuna chokhazikika, chooneka ndi maso, amene safulumira kulowa komanso safulumira kutuluka, nthawi zina ngakhale pamene kutuluka kukanathandiza.

Mwini wa Ng'ombe ndi Venusi, nthanda ija imawala m'bandakucha kapena madzulo. Mwanena kuti ali mu nyumba ya 11. Pamenepa ndiye pagona nkhani: mwini nyumba ya ukwati akukhala mu nyumba ya abwenzi ndi magulu. Kuwerenga kwake kosavuta n'kwakuti nkhani za 7 zimadzera pa khomo la 11. Munthu wotere kawirikawiri amakumana ndi wokondedwa kudzera mwa anzake, kapena m'gulu limene amasonkhana nalo, kapena ubwenzi wamba umakula n'kusanduka china. Chimathanso kutanthauza kuti amafuna mwamuna amene ndi bwenzi poyamba, ndiponso kuti maganizo a anzake amalemera kwambiri pa zosankha zake za chikondi. Mukanakhala ndi Venusi yemweyo mu ya 10, tikanayang'ana kuntchito. Mu ya 9, tikanayang'ana kusukulu yapamwamba, kumalo opembedzera kapena kutali ndi kwanu. Nyumba ya 7 ikanakhala yopanda kanthu m'zitsanzo zonsezi, koma nkhani zake zitatu zosiyana.

Kenako timafunsa kuti mwiniwakeyo ali bwanji kumene aliko. Ndi Chinkhanira kum'mawa, ngati nyumba iliyonse ikutenga chizindikiro chathunthu, ya 11 ndi Namwali. Sindikubisirani: mabuku akale amati Venusi mu Namwali ndi wogwa, ndiye kuti ali pamalo pamene sachita zinthu mwaufulu. Mawuwo amamveka oopsa kuposa tanthauzo lake. Venusi amafuna kusangalala ndi munthu momwe alili, Namwali amaona ulusi uliwonse wosomphoka pa malaya. Anthu amene ndawawerengera ali ndi Venusi wotere amakonda mwa kutumikira, amakumbukira mankhwala a mnzawo, amakonza zowonongeka, koma amavutika kunena mawu okoma, ndipo amatha kusanthula munthu mpaka chikondi kuzizira. Ngati mwadzizindikira pamenepa, ndiye kuti mwapeza chinthu chogwirika choti muganizirepo, chimene nyumba yopanda kanthu ija payokha sikanakupatsani.

Pali china chimene ambiri oyamba kumene sachidziwa, ndipo ine ndimachikonda kwambiri. Akale ankafunsa ngati mwini nyumba akuiona nyumba yake kuchokera pamene ali. Pulaneti limaona chizindikiro chimene chili pa madigiri 60, 90, 120 kapena 180 kuchokera pamene laima. Chimene chili pafupi penipeni, kapena pa madigiri 150, silichiona, ndipo amati nyumbayo ili ngati yosiyidwa popanda woyang'anira. Namwali ndi Ng'ombe zatalikirana madigiri 120, umene ndi mtunda wogwirizana kwambiri, ndipo zonse ndi za nthaka. Venusi wanu, ngakhale ali wogwa, nyumba yake akuiona bwinobwino. Satuni wanu ali mu ya 8, mu Mapasa, pa madigiri 90 kuchokera ku Namwali. Simunanditumizire madigiri enieni, choncho yang'anani nokha: ngati nambala ya Venusi ndi ya Satuni zasiyana ndi madigiri osapitirira 6 kapena 7, openda nyenyezi angawerenge kuchedwa ndi kusamala kwambiri pa zachikondi, mwinanso nkhani za ndalama za awiri kukhala zofunika kuzikamba msanga. Kuchedwa, osati kukanizidwa. Zikasiyana kwambiri, musazipatse kulemera.

Ya 5 tiidutse mwachangu, poti njira mwaiona. Pa khomo pake pali Nsomba, mwini wake Jupita. Jupita wanu ali mu ya 9, imene ikugwa mu Nkhanu, ndipo Nkhanu ndi pamene akale amati Jupita ndi wokwezedwa, malo ake aulemu. Kuchokera ku Nkhanu kupita ku Nsomba ndi madigiri 120, akuionanso nyumba yake. Wopenda nyenyezi wakale akanaona zimenezi sakanagwedeza mutu modandaula ngakhale pang'ono. Akanati nyumba imene mukuiopayi ndi imodzi mwa zosamalidwa bwino pa tchati chonse, ndipo zosangalatsa zanu, luso lanu ndi nkhani za ana zalumikizana ndi maphunziro, chikhulupiriro kapena maulendo. Koma mvetsani bwino: monga nyumba yopanda kanthu sinakulandeni ana, Jupita wokwezedwa sakukulonjezani ana. Ndibwereranso pamenepa.

Nanga kusiyana kwa nyumba yodzaza ndi yopanda kanthu n'kotani, ngati zonse zikugwira ntchito? Momwe ndimaonera, nyumba yodzaza ndi pamene pali phokoso. Inu muli ndi zitatu mu ya 10 ndi zitatu mu ya 4. Ndingayembekezere kuti kukokana kwa ntchito ndi kunyumba, kwa dzina lanu pagulu ndi zofuna za makolo, ndi kumene kumakudyerani maganizo ambiri. Kudzaza si dalitso lokhalokha. Ndinawerengerapo bambo wina amene anali ndi mapulaneti anayi mu ya 7, Marisi ndi Satuni ali pomwepo. Anali pa ukwati wachitatu, ndipo theka la nthawi yathu linathera pa mlandu umene anali nawo ndi mnzake wa bizinesi. Atatuluka ndinakhala kaye phee, ndikuganiza za anthu onse amene amasirira nyumba ya 7 yodzaza. Pamene amene ali nayo yopanda kanthu, ambiri amangokwatira, n'kukhala, nkhani yake osakhala mutu wa moyo wawo.

Nyumba yopanda kanthu imalandiranso alendo. Tchati chobadwira ndi chithunzi cha mphindi imodzi, koma thambo silinaime. Mwezi umadutsa nyumba zonse 12 pa masiku pafupifupi 27, masiku awiri ndi maola angapo mu iliyonse. Dzuwa limadutsa mu Ng'ombe chaka chilichonse, kuyambira cha pa 20 Epulo mpaka cha pa 20 Meyi. Jupita amazungulira pa zaka pafupifupi 12, chaka chimodzi pa chizindikiro, ndipo anali mu Ng'ombe kuyambira Meyi 2023 mpaka Meyi 2024. Satuni amatenga zaka 29 ndi theka, pafupifupi ziwiri ndi theka pa chizindikiro, ndipo analowa mu Nsomba, nyumba yanu ya 5, mu Malichi 2023. Njira yabwino yophunzirira ndiyo kuyang'ana m'mbuyo, osati kutsogolo. Tengani kope, lembani zimene zinachitika pa nkhani ya maubale anu m'miyezi imene Jupita anali mu Ng'ombe, kenako lembaninso za chaka china chilichonse chimene sanali mmenemo, n'kuyerekeza moona mtima. Chachiwiricho anthu amachidumpha, chonsecho ndi chimene chimakutetezani kuti musamangoona zimene mukufuna kuona.

Tsopano chimene chandidetsa nkhawa pang'ono pa tchati chanu, ndipo si nyumba zopanda kanthu ayi. Dzuwa lanu lili mu ya 10, pamwamba penipeni, kutanthauza kuti munabadwa cha m'ma 12 koloko masana. N'zotheka ndithu. Koma mapulogalamu ambiri, munthu akapanda kudziwa nthawi yobadwira, amangoika 12:00, ndipo tchati chotero nthawi zonse chimaika Dzuwa pamwamba. Kodi nthawiyo munaitenga pa chikalata chobadwira, kapena munangoisiya momwe inalili? Ichi si chaching'ono. Kum'mawa kumasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo chizindikiro chotuluka chimasintha pa maola pafupifupi awiri. Mukaphonya ndi maola awiri, nyumba zonse zasuntha ndi imodzi. Mukaphonya ndi maola 12, tchati chatembenuka chadodolido. Kudziyesa kwake n'kosavuta: wobadwa dzuwa likutuluka amakhala ndi Dzuwa pafupi ndi ASC, wobadwa likulowa amakhala nalo mu ya 7 kapena ya 6, wobadwa pakati pa usiku mu ya 4 kapena ya 3. Ngati amayi anu akuti munabadwa usiku, tchati chimene mwanditumizirachi si chanu.

Ndikunena izi chifukwa zinandigwerapo. Ndili woyamba kumene, ndinawerengera mayi wina kwa ola lathunthu za nyumba yake ya 7 yopanda kanthu ndi mwini wake, iye akuvomera ndi mutu chilichonse. Patapita sabata anabwera ndi kapepala kakuchipatala: anabadwa 7 koloko madzulo, osati m'mawa. Dzuwa lake ndi Mekyule, zimene ndinaziona kum'mawa, zinali kumadzulo, mu nyumba yomwe ija ndinaitcha yopanda kanthu. Manyazi anandigwira, koma chimene chinandisautsa kwambiri n'chakuti anavomereza zonse za tchati cholakwika chija. Kuyambira tsiku limenelo kuvomera kwa munthu sindikutenga ngati umboni.

Pali chinanso chimene chimasuntha mapulaneti kuchoka nyumba ina kupita ina, ndicho njira yogawira nyumba. Mukalowa pa zosankha za pulogalamu yanu mupeza mayina monga Placidus, Whole Sign, Equal ndi Koch. Mapulogalamu ambiri amayambira pa Placidus, njira yotchedwa ndi dzina la mmonke wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1600, imene imagawa nyumba potengera nthawi, moti zina zimatuluka zazikulu zina zazing'ono. Munthu akabadwira kutali ndi pakati pa dziko kusiyanako kumakula, ndipo kupitirira madigiri pafupifupi 66 kumpoto kapena kumwera njirayi imalephera. Whole Sign ndi yakale kwambiri: chizindikiro chotuluka kum'mawa chonse ndi nyumba yoyamba, chotsatira chonse ndi yachiwiri, basi. Ndi imene ndagwiritsa ntchito pokuwerengerani pamwambapa, ndipo ndi imene ndimalangiza oyamba kumene, chifukwa nyumba iliyonse imakhala ndi chizindikiro chimodzi ndi mwini mmodzi. Yesani zonse ziwiri. Mungathe kupeza kuti pulaneti lina lasamuka, nyumba imene inali yopanda kanthu yapeza wokhalamo. Thambo silinasinthe, moyo wanu sunasinthe, wasintha ndi mzere umene munthu anajambula. Chinthu chimene chingathe ndi kudina kamodzi pa foni sichiyenera kukulandani tulo.

Mukakhala pa Placidus mudzakumananso ndi nyumba yaikulu imene yameza chizindikiro chathunthu m'kati mwake, chosafika pa khomo lililonse. Musavutike nazo panopa. Werengani mwini wa chizindikiro cha pa khomo poyamba, wa cha m'katicho pambuyo.

Ndiyenera kukuuzaninso chilungamo china, ngakhale ndine wa ntchito yomweyi. Kupenda nyenyezi ndi mwambo wakale wa zizindikiro, si sayansi yoyezedwa. Pamene kwayesedwa mosamala, monga pa kafukufuku wa Shawn Carlson wofalitsidwa mu 1985, openda nyenyezi sanathe kulumikiza matchati ndi makhalidwe a eni ake kuposa momwe munthu wongolota angachitire. Ine tchati ndimachigwiritsa ntchito ngati njira yofunsira mafunso abwino, monga lija la ngati mumasanthula anthu mopitirira, ndipo pamenepo chimathandiza. Koma tchati sichiona machubu a chiberekero, sichiyeza mahomoni, sichidziwa munthu amene mudzakumane naye. Ngati nkhawa yanu ya ana ili ndi chifukwa cha m'thupi, monga msambo wosalongosoka, kupweteka kwambiri, kapena mwakhala mukuyesa kutenga pakati kwa chaka chathunthu osatheka, wopita kwa iye ndi dokotala, ndipo amene apitirira zaka 35 amalangizidwa kupita pakangotha miyezi 6. Musadikire Jupita.

Mwanenanso kuti tulo simukuliona. Ngati ndi mausiku awiri atatu a mantha a chinthu chatsopano, zitha. Koma zikapitirira milungu iwiri, mukapezeka mukutsegula tchati kangapo pa tsiku, kapena mukuganiza zothetsa chibwenzi chabwino chifukwa cha zimene mwawerenga, tsekani pulogalamuyo kaye ndipo mulankhule ndi mlangizi wa zamaganizo kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Nthawi zambiri mantha otere anayamba tchati chisanabwere, ndipo changowapatsa pokhala.

Mukafuna wopenda nyenyezi woti akuwerengereni maso ndi maso, mumudziwa ndi mafunso ake. Wodziwa ntchito amayamba ndi kufunsa kumene nthawi yobadwira mwaitenga, amakuuzani njira yogawira nyumba imene akugwiritsa ntchito, ndipo akafika pa nyumba yopanda kanthu amapita kukafuna mwini wake. Amene angakuuzeni kuti nyumba yanu ya ukwati ndi yotsekedwa ndipo iye angaitsegule mukalipira mwala, mphete kapena mwambo wina, nyamukani. Ameneyo ngakhale malamulo a ntchito yakeyo sakuwatsata.

Zatsala nyumba zinayi zopanda kanthu zimene sindinakuwerengereni: yoyamba, ya 3, ya 6 ndi ya 12. Yoyamba ndi ya 6, Chinkhanira ndi Nkhosa, mwini wake ndi mmodzi, Marisi, amene ali mu ya 10 limodzi ndi Dzuwa. Ya 3 ndi Mbuzi, ya Satuni. Ya 12 ndi Sikelo, ya Venusi yemwe uja, ndipo mudzaona kuti kuchokera ku Namwali saiona, poti ili pafupi penipeni. Muziyese nokha pa kope, chizindikiro cha pa khomo, mwini wake, kumene ali, momwe alili, ngati akuiona nyumba yake. Koma musanalembe mzere woyamba, funsani amayi anu ngati kunali masana.